"Makhoti amamasulira malamulo": yankho la malikisi awiri ndi mbiri ili kuseri kwake

Sabata ino ndi yanga, ndipo ndabwera ndi funso lomwe aliyense amene anadutsa ku sekondale anakumana nalo mu phunziro la Sosho, kaya pa mayeso a pa teremu kaya a MANEB. Limabwera chonchi: tchulani nthambi zitatu za boma ndi ntchito ya nthambi iliyonse. Yankho lake ana amaliloweza ngati ndakatulo. Nyumba ya Malamulo imapanga malamulo, Pulezidenti ndi nduna zake amayendetsa dziko potsata malamulowo, makhoti amamasulira malamulo. Mwana wanzeru amawonjezera kuti maganizo ogawa mphamvu chotere anafalitsidwa ndi Mfalansa wina, Montesquieu, m'buku lake la 1748. Wochonga amapereka malikisi ake, pepala litembenuzidwe.

Yankholi silolakwika ayi. Vuto lake ndi lakuti mwana wa mu 1983 akanatha kulemba mawu omwewa, osasintha ngakhale chilembo chimodzi, n'kukhoza. Chaka chimenecho Nyumba ya Malamulo inalipo ku Zomba, nduna zinalipo, makhoti analipo ndi majaji ovala mikanjo. Koma ndi chaka chomwecho pamene Orton ndi Vera Chirwa anaweruzidwa kuti anyongedwe, pa mlandu womwe sanaloledwe loya kapena mboni zawo. Ndiye ngati yankho limodzi likukwanira 1983 komanso lero, ndiye kuti pali china chomwe silikunena. Chinthucho ndi chomwe ndikufuna tichione, ndipo nkhani yake ikuyambira ku Chilobwe.

Kuyambira mu 1968 mpaka kumayambiriro kwa 1970, ku Chilobwe ndi madera ena ozungulira Blantyre kunkaphedwa anthu usiku, m'nyumba zawo, mwankhanza zoopsa. Anthu oposa 30 anafa. Mantha atakula, mphekesera zinayamba zoti boma lenilenilo ndi lomwe likupha anthu, ati kuti litumize magazi ku South Africa pobweza ngongole. Apolisi anagwira amuna angapo n'kuwatengera ku Khoti Lalikulu, koma umboni unali woperewera ndipo jaji anawamasula. Kamuzu Banda anakwiya kwambiri. Iye ankati malamulo a chingerezi akupulumutsa zigawenga chifukwa cha tizifukwa ta m'mabuku, pamene mudzi wonse ukudziwa wolakwa.

Tisafulumire kuseka maganizo amenewa, chifukwa tikadali nawo. Ife a mumsika timadziwa zomwe zimachitika wakuba akagwidwa. Mawu oyamba omwe mumamva ndi oti "osapita naye kupolisi, mawa lomwe atuluka pa belo". Mtima womwewo ndi womwe boma linagwiritsa ntchito mu 1969, ndipo anthu ambiri anawomba m'manja.

Kumapeto kwa 1969 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la makhoti a m'madera. Makhotiwa anapatsidwa dzina loti makhoti a miyambo, ambiri ankangoti makhoti a mafumu, ndipo anapatsidwa mphamvu yoweruza milandu ikuluikulu monga yakupha, mpaka kupereka chilango cha imfa. Kunakhazikitsidwa khoti limodzi m'chigawo chilichonse, Kumpoto, Pakati ndi Kumwera, komanso khoti lawolawo la apilo pamwamba pake. Majaji anayi a Khoti Lalikulu, omwe onse anali ochokera ku Britain, anatula pansi udindo posagwirizana nazo. Pambuyo pake, mu 1976, milandu youkira boma nayo inaikidwa m'manja mwa makhoti amenewa.

Apa pali pofunika kumvetsa bwino, chifukwa dzinali limasocheretsa. Awa sanali mabwalo a kwa nyakwawa aja, pomwe timakhala pansi pa mtengo kukambirana za mbuzi yadya chimanga cha wina. Kumudzi munthu amayankhula mpaka atatopa, ankhoswe ake amamuyankhulira, ndipo aliyense amene anaona kanthu amapatsidwa mpata. Makhoti a m'zigawo anali chinthu china. Oweruza ake, ambiri mwa iwo mafumu ndipo mmodzi yekha wophunzira zamalamulo, ankasankhidwa ndi boma, ndipo boma lomwelo linkatha kuwachotsa nthawi iliyonse. Wozengedwa mlandu sankaloledwa loya. Kuitana mboni sunali ufulu wake, zinkatengera oweruza ngati afuna. Malamulo a umboni omwe Khoti Lalikulu linkatsata sankawamanga. Ndipo chachikulu kwambiri, ukaluza mlandu apilo yako sinkapita kwa majaji a Khoti la Apilo lija, inkathera m'khoti la apilo la miyambo lomwelo. Ndiye dziko linakhala ndi misewu iwiri ya chilungamo yoyenda moyandikana osakumana, ndipo boma ndi lomwe linkasankha kuti mlandu uwu udutse msewu uti.

Taonani ukatswiri wake. Palibe amene anatseka Khoti Lalikulu. Linapitiriza kuweruza milandu ya ngongole, ya makampani, ya ngozi za pamsewu, ndipo linkaweruza bwino ndithu. Anangolichotsera milandu yomwe boma linali nayo ndi chidwi. Mwana wolemba mayeso akanatha kujambula bwinobwino mabokosi atatu aja, palibe bokosi lomwe linasowa.

Woyamba wodziwika kulawa zimenezi anali munthu wa m'kati mwenimweni, Albert Muwalo Nqumayo, yemwe anali mlembi wamkulu wa chipani cha MCP ndipo iye mwini anatsekeretsa anthu ambiri. Anamangidwa mu 1976 pamodzi ndi Focus Gwede wa polisi ya chinsinsi. Mwa umboni womwe khoti linalandira munali makalata opanda dzina la wolemba, ndipo oweruza anati utsi sufuka popanda moto. Mwambi ndi wabwino pocheza, koma taganizani moyo wanu utapachikidwa pa mwambi. Muwalo ananyongedwa mu 1977.

Mlandu wa a Chirwa ndi womwe umandikhudza kwambiri. Orton Chirwa ndi amene anayambitsa MCP mu 1959, pamene Kamuzu anali kundende ya Gweru, ndipo anadzakhala nduna ya zachilungamo. Anathawa m'dziko muno pa mkangano wa nduna wa 1964. Mkazi wake Vera anali mayi woyamba m'Malawi kukhala loya. Pa 24 Disembala 1981 anagwidwa cha kumalire a Zambia. Iwo ankati anabedwa ali m'dziko la Zambia, cha ku Chipata, pomwe boma linkati anawapeza atalowa kale m'Malawi. Mfundo imeneyi sinali yaing'ono, chifukwa ngati munthu wachita kubedwa m'dziko lina, funso limakhalapo loti kodi khotili lili ndi mphamvu yomuweruza. Kuti atsimikize zonena zawo ankafunika mboni zochokera kunja. Khoti la miyambo la chigawo cha Kumwera linakana. Maloya awiri ophunzira bwino anadziyankhulira okha pamaso pa oweruza omwe ntchito yawo inali m'manja mwa munthu yemwe ankati anafuna kumugwetsa. Mu Meyi 1983 anagamulidwa kuti aphedwe. Mu 1984 khoti la apilo la miyambo linadzudzula zambiri za momwe mlandu unayendera, koma chigamulo linachisiya chomwecho. Mayiko akunja atachonderera, Kamuzu anasintha chilangocho kukhala ndende moyo wonse. Orton anamwalira m'ndende ya Zomba pa 20 Okutobala 1992. Vera anatuluka mu Januwale 1993, ndipo makhoti a m'zigawo aja anaimitsidwa chaka chomwecho, riferendamu ya pa 14 Juni itadutsa.

Ndiye mukamawerenga malamulo aakulu a dziko omwe anayamba kugwira ntchito mu Meyi 1994, muziwawerenga ngati kalata yoyankha zaka zimenezo. Magawo 7, 8 ndi 9 ndi omwe amagawa ntchito za nthambi zitatu, ndipo ndi omwe anabereka yankho lathu loloweza lija. Koma mano ali kwina. Gawo 5 likuti lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chosemphana ndi malamulo aakuluwa n'chopanda ntchito. Gawo 108 likupatsa Khoti Lalikulu mphamvu younika lamulo lililonse ndi chiganizo chilichonse cha boma. Ndipo gawo 103 lili ndi kachiganizo komwe munthu wosadziwa za 1969 angakadumphe: sipadzakhazikitsidwa khoti lina loposa kapena lofanana mphamvu ndi Khoti Lalikulu ndi Khoti la Apilo. Kachiganizo kameneko ndi chitseko chotsekera msewu wachiwiri uja. Gawo lomwelo likutinso makhoti okha ndi amene anganene ngati nkhani ili yoyenera kuti aiweruze kapena ayi, kutanthauza kuti nduna singabwere n'kuti izi ndi zandale, zisiyeni.

Pali funso lina lomwe limagwetsa ana ambiri, loti kodi nthambizi n'zopatukana kotheratu? Ayi ndithu, ndipo kuno kwathu zimalowana kwambiri. Nduna zambiri zimakhalanso aphungu, kutanthauza kuti munthu mmodzi ali ndi mpando mu nthambi ziwiri. Bilu sikhala lamulo mpaka Pulezidenti asainire. Majaji amasankhidwa ndi Pulezidenti potsata malangizo a bungwe loona za ntchito ya oweruza, ndipo mkulu wa majaji amayenera kuvomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu omwe alipo povota. Choncho cholinga sikuti nthambizi zisakhudzane. Cholinga n'choti wina asagwire zonse. Kumsika wogulitsa amakhala ndi sikelo yake, palibe vuto, koma woyesa ngati sikeloyo ikunena zoona sayenera kukhala wantchito wake.

Ndipo poyesera sikelo ya makhoti ndi pa funso loti amene angachotse jaji ndani. Gawo 119, monga linalembedwera mu 1994, linkati jaji angachotsedwe pokhapokha ngati walephera ntchito kapena wachita zosayenera, ndipo Nyumba ya Malamulo ndiyo inkayenera kupempha Pulezidenti pambuyo pokambirana ndi kuvota. Mu Novembala 2001 aphungu anagwiritsa ntchito gawo limeneli pofuna kuchotsa majaji atatu, Dunstain Mwaungulu, Anaclet Chipeta ndi George Chimasula Phiri, omwe ankaoneka kuti zigamulo zawo zikukomera otsutsa boma. Phokoso linakula kuno ndi kunja komwe, ndipo pamapeto pake Bakili Muluzi sanawachotse. Nkhaniyi siitchulidwa kawirikawiri, komatu inachitika mu ulamuliro wa zipani zambiri, malamulo atsopano aja ali pomwepo. Pepala lokha silitchinjiriza jaji ngati mbali imodzi ili ndi aphungu okwanira.

Tsopano tibwerere ku mawu aja oti "kumasulira". Ana ambiri amaganiza kuti ndi ngati womasulira wa kutchalitchi, mlaliki anene m'Chingerezi iye abwereze m'Chichewa, osawonjezera kanthu. Tione mlandu umodzi kuti timve kulemera kwa mawuwa.

Gawo 80, ndime 2, linkati Pulezidenti adzasankhidwa ndi "majoriti" ya ovota. Liwu limodzi lokhalo. Kodi likutanthauza kuti wapeza mavoti ambiri kuposa mnzake aliyense, kapena kuti wapeza oposa theka la mavoti onse? Chisankho cha 1999 chitatha, Gwanda Chakuamba ndi anzake anapita kukhoti kukatsutsa kupambana kwa Muluzi, ponena kuti wopambana ayenera kupeza oposa theka la anthu onse olembetsa m'kaundula. Mu 2000 Khoti la Apilo linawakanira, ndipo kamasulidwe komwe kanatsalira kuchokera pamenepo n'koti amene watsogola ndiye wapambana, kaya watsogola ndi mavoti angati. Ndi kamasulidwe kameneka Bingu wa Mutharika analowa m'boma mu 2004 ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse, ndipo Peter Mutharika chimodzimodzi mu 2014.

Pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019, bungwe la MEC linalengeza kuti Mutharika wapeza 38.57 peresenti, Lazarus Chakwera 35.41, Saulos Chilima 20.24. Tiziwerenge ngati anthu 100 pamzere: pafupifupi 39 kwa woyamba, 35 kwa wachiwiri, 20 kwa wachitatu, otsalawo kwa ena. Ndiye kuti anthu 61 pa mzerewo sanasankhe amene analengezedwa kuti wapambana. Chakwera ndi Chilima anakasuma, ndipo mlanduwo unamvedwa ndi majaji asanu a Khoti Lalikulu: Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Redson Kapindu ndi Michael Tembo. Mukukumbukira momwe mawailesi ankalirira m'misika ndi m'maminibasi miyezi imeneyo, amayi ogulitsa tomato akutchula mayina a mafomu ngati maloya.

Pa 3 Febuluwale 2020 majajiwa, atabwera moperekezedwa ndi asilikali, anawerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500 kuyambira m'mawa mpaka usiku. Anachita zinthu zitatu zosiyana, ndipo mwana wofuna kuyankha bwino funso la ntchito za makhoti angazipeze zonse pamenepa. Choyamba anaunika ntchito ya bungwe la boma. Anapeza kuti mapepala a zotsatira anafufutidwa ndi tipeksi, ena anali makope olowa m'malo mwa enieni, ena opanda siginecha, ndipo zolakwikazo zinali zofala komanso zazikulu moti zotsatira sizikanadalirika. Chachiwiri anathetsa mkangano pakati pa mbali ziwiri: anafafaniza chisankho, analamula china m'masiku 150, ndipo anabwezera zinthu momwe zinalili chisankho chisanachitike, moti Chilima anakhalanso wachiwiri kwa Pulezidenti. Chachitatu ndiye kumasulira kuja. Anati liwu lija likutanthauza oposa theka la mavoti oponyedwa, chomwe tonse tinayamba kuchitchula kuti 50+1. Pa 8 Meyi 2020 Khoti la Apilo, motsogozedwa ndi mkulu wa majaji Andrew Nyirenda, linagwirizana nazo, n'kusiya kamasulidwe kake komwe ka mu 2000.

Chonde onani apa. Pakati pa 2000 ndi 2020 liwu lija m'gawo 80 silinasinthe. Aphungu sanalikhudze. Koma njira yopezera mtsogoleri wa dziko inasintha kotheratu. Kumasulira ndi kumeneko, ndipo n'chifukwa chake ndimati malikisi awiri ndi ochepa.

Ndisabise, pali mbali ya chigamulochi yomwe anthu oganiza bwino amatsutsana mpaka lero. Khoti litanena za 50+1, panaoneka dzenje: nanga ngati palibe wafika pamenepo, zikhala bwanji? Malamulo a zisankho sananene kanthu za kuvota kachiwiri. Khoti linapatsa Nyumba ya Malamulo masiku 21 kuti ikonze zimenezi. A mbali ya Mutharika anati apa majaji alowa m'munda wa eni, akupanga malamulo m'malo momasulira, komanso akulamula nthambi inzawo ngati mwana. Aphungu anadutsitsa mabilu mu Febuluwale momwemo, ndipo mu Malichi Pulezidenti anakana kusainira. Nthambi zonse zitatu zinali pa chingwe chimodzi, iliyonse ikukokera kwake pogwiritsa ntchito mphamvu yomwe malamulo anaipatsa. Ine maganizo anga ndi oti khoti silinalembe lamulo lokha, linasonyeza dzenje n'kuuza eni khasu kuti akwirire, ndipo pamenepo linaima m'malire. Koma dandaulo la enawo si lachibwana. Majaji sitiwavotera, ndipo tsiku lina akhoza kumasulira liwu lina mwanjira yomwe inu ndi ine sitikondwera nayo. Mwana amene angalembe mbali zonse ziwirizi pa funso loti "kambiranani" ndiye wamvetsa phunziroli kuposa wongoyamikira makhoti.

Kenaka kunabwera pa 12 Juni 2020, kutatsala masiku 11 kuti tivotenso. Mlembi wamkulu wa boma, Lloyd Muhara, anatulutsa chikalata choti mkulu wa majaji Nyirenda apite kutchuthi podikira kupuma ntchito, ati chifukwa masiku ake a tchuthi anachuluka. Palibe anatchula gawo 119, palibe anapita ku Nyumba ya Malamulo. Inali njira ya kuseri, ya kalata ya mu ofesi. Khoti Lalikulu linapereka chiletso pasanathe masiku atatu, maloya anayenda m'misewu atavala mikanjo yawo, ndipo Nyirenda anakhalabe pa mpando. Ikani tsiku limeneli pambali pa 1969. Nthawi ija boma litakwiya ndi chigamulo, linasamutsa milandu ndipo majaji ndi amene anachoka. Ulendo uno boma litakwiya ndi chigamulo, linayesa kusamutsa jaji ndipo kalatayo ndi yomwe inagwa.

Ndiye kwa inu amene muli ndi ana kapena ang'ono anu olemba mayeso, funso likabwera loti fotokozani kufunika koti makhoti akhale oima paokha, mwana asangolemba kuti "kuti pakhale chilungamo" n'kusiya pomwepo. Atchule chomwe chimachititsa khoti kuima palokha, monga kuti jaji sangachotsedwe mwachisawawa ndi amene akumuweruza, komanso kuti boma silingakhazikitse khoti lina lopikisana nalo. Kenaka apereke chitsanzo chimodzi chokhala ndi chaka: makhoti a miyambo kuyambira 1969 ndi mlandu wa a Chirwa wa 1983 posonyeza zomwe zimachitika chitetezocho chikasowa, kapena chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020 posonyeza khoti likuunika ntchito ya nthambi ina. Ziganizo zinayi zokha zikukwana, ndipo wochonga amaona kusiyana kwa woloweza ndi womvetsa.

Chisankho chobwereza chinachitika pa 23 Juni 2020, ndipo Chakwera anapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100. Pa 16 Seputembala 2025 tinavotanso ndi muyezo womwewo wa 50+1, womwe Peter Mutharika anaukana mpaka ku Khoti la Apilo, ndipo iye ndi amene anaudutsa, ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100.